Zotsatira zoopsa zatuluka koma sizinafike kwa wodwala: malo amene fomu ndi kaundula wa ku labu zimalakwikira

Pali vuto limene limabwerabwera m'malabu a zipatala. Makina ayeza bwinobwino, nambala yatuluka, ndipo nambalayo ikuonetsa kuti wodwala ali pangozi, koma dokotala amene akumusamalira amva mawa lake, kapena samva n'komwe, kapena alandira zotsatira za munthu wina. Mukalondola kuti zinasokonekera pati, nthawi zambiri mupeza kuti makina alibe mlandu. Cholakwika chimakhala papepala: pa fomu imene inabwera ndi magazi, pa mzere wa m'kaundula, kapena pa foni imene inaimbidwa koma osalembedwa paliponse.

Sampulo imayenda ulendo wopita ndi wobwera. Popita imanyamula magazi, pobwera imanyamula nambala, ndipo fomu ndiyo imasonyeza njira konsekonse. Tiyeni tiutsate ulendowu kuyambira pambali pa bedi.

Fomu yafika, koma sikunena kuti magaziwa ndi a ndani

Dzina palokha silikwanira. M'wodi imodzi mukhoza kugona anthu awiri a dzina limodzi, ndipo ambiri amalemba dzina la munthu mmodzi yemweyo mosiyanasiyana tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake lamulo ndi lakuti pakhale zinthu ziwiri kapena zitatu zomuzindikirira wodwala: dzina lonse, nambala yake ya kuchipatala, ndi tsiku lobadwa. Nambala ya bedi si chozindikirira. Odwala amasamutsidwa, ndipo amene anagona pa bedi 7 m'mawa sangakhale yemwe wagonapo madzulo.

Zimene zili pa fomu ziyenera kufanana ndendende ndi zimene zili pa kabotolo. Apa ndi pamene pamachitika cholakwika choopsa kuposa zonse, chifukwa sichioneka: magazi a munthu wina kulowa m'kabotolo ka munthu wina. Zimachitika m'njira ziwiri. Wina amalemberatu maina pa timabotolo asanatenge magazi, n'kutinyamula tonse pathireyi, kenako n'kutola kolakwika. Wina amatenga magazi kwa odwala anayi motsatizana, n'kukalemba maina atakhala pa tebulo, akudalira kukumbukira. Mankhwala ake ndi amodzi: wodwala mmodzi, magazi, lebulo, zonse pambali pa bedi lake, musanasunthe phazi kupita kwa wina. Ndipo musamufunse kuti "Ndinu a uje eti?" Munthu wodwala kwambiri, kapena wosamva bwino, amangovomera. Mufunseni kuti atchule yekha dzina lake ndi tsiku limene anabadwa. Ngati sangathe kulankhula, onani kalamba ka pamkono kapena funsani womudikirira.

Ku labu mungadziwe bwanji kuti zachitika? Kawirikawiri simungadziwe, pokhapokha mutafanizira ndi zotsatira zam'mbuyo. Kukula kwa maselo ofiira, kumene makina amakulemba kuti MCV, sikusintha msanga, pakuti maselowo amakhala m'thupi masiku pafupifupi 120. Munthu amene dzulo anali ndi MCV 68, lero n'kutuluka 94, asanalandire magazi, ameneyo si munthu mmodzi. Imodzi mwa masampulo awiriwo ndi ya wina.

Fomu ndi kabotolo zikasiyana, musakonze nokha, ndipo musalole kuti wina abwere adzafufute dzina n'kulemba lina pa kabotolo kamene kafika kale. Kanani sampuloyo, lembani chifukwa chake m'kaundula, dziwitsani wodi nthawi yomweyo kuti atenge ina. Pa magazi oyezera gulu ndi kufananitsa magazi oti munthu alandire, palibe kukambirana: chilembo chimodzi chikasiyana, atengenso. Pali masampulo ochepa amene sangatengedwenso mosavuta, monga madzi a mumsana kapena kachidutswa ka mnofu kodulidwa pa opaleshoni. Amenewo sataya. Amene anatenga sampuloyo abwere yekha, atsimikize, asaine, ndipo pa zotsatira palembedwe kuti sampulo inafika yosalembedwa bwino.

Mabokosi amene anthu amadumpha

Bokosi la wodi ndi la dzina la wopempha ndi amene amasiyidwa kwambiri, chonsecho ndi amene amasankha ngati zotsatira zoopsa zifika kapena ayi. Saini yokhotakhota si dzina. Wa ku labu sangaimbire foni saini. Lembani dzina m'zilembo zowerengeka, wodi kapena chipinda chimene wodwala ali, ndi nambala ya foni imene idzayankhidwa. Ngati wodwala ndi woyendera, amene abwerera kwawo zotsatira zisanatuluke, pafunika nambala imene angapezekepo, apo ayi shuga wake wotsika kwambiri mudzamudziwa inu nokha iye ali panjira.

Bokosi la nthawi yotengera magazi ambiri amaliona ngati lokongoletsa fomu. Si choncho. Magazi akatuluka m'thupi maselo ake samafa pomwepo. Amapitiriza kudya shuga, moti m'kabotolo kopanda mankhwala oletsa zimenezi shuga amatsika ndi magawo 5 mpaka 7 pa 100 alionse pa ola limodzi. Shuga wa 4.0 mmol/L, magazi akakhala maola 6 maselo osapatulidwa ku madzi ake, amatsika kufika cha pa 2.8, ndipo munthu wabwinobwino amaoneka ngati watsala pang'ono kukomoka. Potaziyamu amachita mosemphana: amatuluka m'maselo ofiira n'kulowa m'madzi a magazi, ndiye amaoneka wokwera. Kuika magazi osapatula m'furiji kumawonjezera vutoli, chifukwa kuzizira kumafooketsa mphamvu imene maselo amasungira potaziyamu m'kati mwawo. Popanda nthawi pa fomu, wa ku labu alibe njira yosiyanitsira wodwala amene ali pangozi ndi magazi amene anangogonera. Lembani tsiku ndi nthawi yeniyeni imene singano inalowa, osati nthawi imene dokotala analamula, ndipo mulembe m'kawerengedwe ka maola 24: 06:00 ndi 18:00 sizisokonezeka, pamene "6 koloko" imasokoneza.

Bokosi la zimene wodwala akudwala limafuna mawu ochepa koma othandiza. "Kudwala" kapena "kuyeza" sikuuza munthu kanthu. "Impso zikulephera, sakukodza masiku awiri", "ali pa diripi ya shuga", "akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi", "analandira magazi dzulo", "wayamba kale mankhwala opha tizilombo": mawu oterewa amasintha mmene nambala iwerengedwere. Za diripi tinenepo pang'ono. Magazi otengedwa pamkono umene muli diripi, pamwamba pa singano ya diripiyo, amasakanikirana ndi madziwo. Ngati ndi diripi ya shuga, shuga amakwera modabwitsa pamene zina zonse zatsika ngati zasungunulidwa. Mukaona chithunzi chotere, funsani kuti magazi anatengedwa mkono uti.

Mtundu wa sampulo ulembedwenso. Madzi otuluka m'mimba, m'chifuwa ndi mkodzo akhoza kufanana m'maso, koma malire a nambala zake zabwinobwino ndi osiyana kotheratu. Ndipo mawu akuti "mwachangu" asungidwire odwala amene akufunikadi changu. Fomu iliyonse ikakhala yachangu, wa ku labu amayamba kuzitenga zonse mofanana.

Polandira

Wolandira sampulo aike fomu ndi kabotolo pambalimbali n'kuwerenga zonse ziwiri, asanapereke nambala ya labu. Nambalayo ilembedwe malo atatu nthawi imodzi: pa kabotolo, pa fomu, ndi m'kaundula. Pa kabotolo ilembedwe pathupi pake, osati pa chivindikiro, chifukwa zivindikiro zimasinthana pa benchi. Malizani sampulo imodzi musanagwire ina. Nambala zitsatizane, osadumpha, osabwereza. Sampulo yokanidwa nayonso ilowe m'kaundula ndi chifukwa chake. Ikapanda kulowa, tsiku lina a ku wodi adzati anatumiza, a ku labu adzati sanalandire, ndipo sipadzakhala chowalekanitsa.

Mzere wokwanira wa m'kaundula umakhala ndi nambala ya labu, dzina ndi nambala ya wodwala, zaka ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi, wodi, wopempha, mtundu wa sampulo, zoti ziyezedwe, nthawi yotengera, nthawi yolandirira, zotsatira ndi muyeso wake, nthawi yotulutsira, ndi dzina la woyeza ndi la wotsimikiza. Nthawi zitatuzo ndi zimene zimakuuzani kumene kuchedwa kunachitikira anthu akayamba kulozana zala.

Nambala yolondola yolembedwa molakwika

Kukopera nambala kuchoka pa makina kupita m'kaundula, n'kuchokanso m'kaundula kupita pa fomu, ndi malo awiri amene dzanja limatha kuphonya. Cholakwika chofala kwambiri ndi kutsetsereka kwa mzere. Munthu ali ndi zotsatira za anthu 20, sampulo imodzi pakati inakanidwa kapena sinayezedwe, iye akungotsika nazo mzere ndi mzere. Kuyambira pamenepo aliyense walandira zotsatira za mnzake wapansi pake. Chizindikiro chake ndi mzere womaliza kutsala wopanda kanthu, kapena nambala imodzi kusowa pokhala. Mukaona zimenezi musangokonza mzere womalizawo. Bwererani pa woyamba. Popewa, musamakopere potsata malo. Werengani nambala ya labu pa pepala la makina, ipezeni m'kaundula, ikani rula pansi pa mzerewo, kenako lembani.

Chachiwiri ndi muyeso. Nambala yopanda muyeso si zotsatira. Taonani shuga: makina ena amatulutsa mu mg/dL, ena mu mmol/L, ndipo kuchoka ku mg/dL kupita ku mmol/L mumagawa ndi 18. Shuga wa 45 mg/dL ndi 2.5 mmol/L, wotsika moti munthu akhoza kukomoka. Mukalemba "45" pokha, wowerenga amene anazolowera mmol/L aona shuga wokwera koopsa, ndipo akhoza kupereka insulini kwa munthu amene akufunika shuga. Hb, yosonyeza ngati magazi achepa m'thupi, ya 7.5 g/dL ndi chimodzimodzi 75 g/L. Kiriyatinini, wosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, wa 1.0 mg/dL ndi 88.4 µmol/L. Labu ikalandira makina atsopano, kapena makina obwereka pamene ake awonongeka, chinthu choyamba kuyang'ana ndi muyeso umene akutulutsa, ndipo mutu wa danga m'kaundula ugwirizane nawo.

Kadontho nakonso kamasowa. Lembani 0.8, osati .8, chifukwa kadontho kakafufutika pamatsala 8. Lembani 5, osati 5.0 wothinana amene angawerengedwe 50, pokhapokha ngati kuyezako kumafuna nambala ya pambuyo pa kadontho, ndiye kadonthoko kaoneke. Zizindikiro za < ndi > ambiri amazisokoneza akatopa. Ngati pali malo, lembani m'mawu kuti "osafika" kapena "kuposa". Ndipo danga lisasiyidwe lopanda kanthu. Danga lopanda kanthu likhoza kutanthauza kuti sanayeze, kapena anayeza osapeza kanthu, kapena anaiwala kulemba. Lembani chimene chinachitika: "sanayeze, magazi anaundana", "tizilombo sitinaoneke".

Mukalakwitsa polemba, dulani ndi mzere umodzi kuti zakale ziziwerengekabe, lembani zolondola pambali, ikani tsiku ndi zilembo zoyamba za dzina lanu. Osafufuta, osapaka utoto woyera, osalemba nambala pamwamba pa inzake, osagwiritsa ntchito pensulo. Ena amaona ngati mzere wodula ukuipitsa buku. Kwa ife buku lopanda mzere wodula ngakhale umodzi chaka chonse ndi limene limakayikitsa. Ngati zotsatira zolakwikazo zinatuluka kale, kukonza m'kaundula mokha sikuthandiza wodwala. Imbani foni, nenani kuti zoyamba zinali zolakwika, tulutsani pepala lina lolembedwa kuti zotsatira zokonzedwa, ndipo zoyambazo zisachotsedwe m'buku.

Zotsatira zoopsa

Si nambala iliyonse yotuluka kunja kwa malire imene ili yoopsa. Zotsatira zoopsa ndi zimene zikuonetsa kuti munthu akhoza kufa kapena kuvulala kwambiri ngati sathandizidwa msanga, ndipo thandizo lake lilipo. Amene anafotokoza ganizoli momveka koyamba ndi dokotala wa ku America George Lundberg mu 1972, ndipo lero muyezo wa malabu a zipatala wa ISO 15189 umafuna kuti labu ikhale ndi ndondomeko yodziwitsira zotsatira zotere ndi kusunga umboni wake.

Labu iliyonse imagwirizana ndi madokotala ake pa mndandanda wa malire, ndipo mndandandawo ndi umene muyenera kutsata. Malire amene amapezeka kawirikawiri kwa akuluakulu ali pafupi ndi awa:

- potaziyamu osafika 2.5 kapena 2.8 mmol/L, kapena kuposa 6.0 mpaka 6.5
- sodiyamu osafika 120 mmol/L kapena kuposa 160
- shuga osafika 2.2 mpaka 2.8 mmol/L, kapena kuposa 25
- Hb yosafika 7 g/dL, ngakhale malabu ena amaika 5 kapena 6
- tizilombo kuoneka m'madzi a mumsana, kapena kumera m'magazi

Makanda ali ndi malire awo, n'chifukwa chake zaka za wodwala pa fomu si zongolembera. Mndandanda umatidwe pakhoma pafupi ndi makina ndiponso pafupi ndi foni. Usakhale wautali. Labu ikamaimba foni pa chilichonse, a ku wodi amayamba kuyankha mwamphwayi, ndipo foni yofunikadi imalandiridwa chimodzimodzi.

Nambala yotere ikatuluka, pali zoyang'ana zimene sizitenga mphindi zisanu. Kodi nambala ya pa kabotolo ndi ya pa fomu ndi imodzi? Kodi sampulo yoyesera makina inatuluka bwino lero? Kodi odwala ena amene anayezedwa limodzi akuoneka bwino, kapena onse akwera? Kodi magazi ali bwanji: anaundana, ndi ochepa, madzi ake afiira? Kodi zam'mbuyo za munthuyu zinali zotani? Malabu ena amalamula kuyezanso sampulo yomweyo, ndipo ngati ndi lamulo lanu tsatani. Koma dziwani malire ake: kuyezanso kumangotsimikiza kuti makina awerenga bwino kabotolo kameneko. Ngati vuto lili m'kabotolomo, nambala idzabwera yomweyo kawiri, inu n'kukhulupirira bodza. Ndipo kuyezanso kusachedwetse foni. Malabu ambiri amaika malire a mphindi 30, ena mpaka ola limodzi, kuyambira pamene zotsatira zatsimikizidwa.

Poimba, uzani munthu amene angachitepo kanthu: dokotala wopempha, kapena namwino amene akusamalira wodwalayo. Uthenga wosiyidwa kwa aliyense amene wangonyamula foni umafera pomwepo. Dzitchuleni, nenani kuti muli ndi zotsatira zoopsa, tchulani dzina lonse ndi nambala ya wodwala, chimene chayezedwa, nambala ndi muyeso wake, ndi nthawi imene magazi anatengedwa. Kenako muuzeni kuti alembe n'kukuwerengerani zimene walemba. "Ndamva" sikuwerenga. Pa foni 15 ndi 50 zimamveka mofanana, choncho tchulani nambala imodziimodzi. Mukatsitsa foni lembani pomwepo m'buku la zotsatira zoopsa, osati pomaliza ntchito: tsiku, nthawi, wodwala, zotsatira, dzina lonse ndi udindo wa amene walandira, kuti anawerenganso, ndi dzina lanu. Kulemba kuti "ndauza a nesi" sikuthandiza pa wodi imene ili ndi anamwino asanu.

Foni ikapanda kuyankhidwa, lembani nthawi imene munayesa, yesaninso pakapita mphindi zochepa, kenako kwerani: mkulu wa wodi, dokotala wa pa ntchito nthawi imeneyo, mkulu wake. Zikakanika zonse, nyamulani pepala mupite nalo nokha ndipo wolandira asaine. Uthenga wolemba pa foni suwerengedwa kuti wafika mpaka wina atayankha. Samalani kwambiri nthawi yosinthana ntchito, ku labu ndi ku wodi komwe. Amene akuweruka amaganiza kuti wolowa aimba, wolowa amaganiza kuti zinaimbidwa kale. Amene waona nambalayo ndiye aimbe asanavule chovala cha ntchito, apo ayi apereke kwa mnzake pomutchula dzina, n'kulemba.

Chitsanzo: potaziyamu 7.4

Tiyerekeze kuti sampulo nambala 0412 yalandiridwa 14:10. Ndi ya bambo wa zaka 54, wodi ya amuna yalembedwa, apempha kuyeza mchere wa m'magazi ndi impso. Bokosi la nthawi yotengera lilibe kanthu, la matenda lilibe kanthu, ndipo pa dzina la wopempha pali saini yokha. Wolandira anayenera kufunsa zimenezi pawindo pomwepo, koma zadutsa. Nthawi ya 15:05 makina atulutsa izi:

```
K    7.4 mmol/L
Na   138 mmol/L
CREA 88 µmol/L
```

Potaziyamu wa 7.4 akhoza kuimitsa mtima. Koma kiriyatinini ali bwinobwino, kutanthauza kuti impso zikugwira ntchito, ndipo munthu wa impso zabwino sakhala ndi potaziyamu wotere kawirikawiri. Nambalayi ndi yokayikitsa. Kukayikitsako si chifukwa choti musaimbe. Ndi chifukwa choti muyang'ane msanga.

Sampulo yoyesera makina ya m'mawa inali m'malire. Odwala ena amene anayezedwa limodzi ali pakati pa 3.6 ndi 4.9, ndiye makina sakukweza aliyense. Mukakweza kabotolo poyera, madzi a pamwamba ndi achikasu choyera, osafiira. Akanafiira tikanati maselo ofiira anasweka, monga zimachitikira magazi akakokedwa mwamphamvu ndi singano yaing'ono, akakankhidwa m'kabotolo kudzera m'singano, kapena akakhutchumulidwa. Maselo osweka amataya potaziyamu wawo m'madzimo. Apa si zimenezo. Kwatsala zinthu zitatu: magazi anagonera, magazi anakhudzana ndi mankhwala a m'kabotolo kena, kapena wodwalayo alidi pangozi.

Chachiwiricho chili ndi njira yachidule yochidziwira. Kabotolo ka chivindikiro cha pepo, koyezera kuchuluka kwa maselo, kamakhala ndi EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana, amene amabwera ndi potaziyamu wake ndipo amamanga kashiyamu. Yezani kashiyamu pa sampulo yomweyo. Tinene kuti watuluka 1.1 mmol/L, pamene wabwino amakhala cha pa 2.2 mpaka 2.6, ndipo ALP, imodzi mwa zoyezera chiwindi, nayo yatsika kwambiri. Potaziyamu pamwamba, kashiyamu pansi, impso zabwino: chimenecho ndi chidindo cha EDTA. Zimachitika munthu akathira magazi kuchoka m'kabotolo ka pepo kupita m'kena poona kuti achepa, kapena akayamba kudzaza ka pepo kenako n'kupita ku ka seramu, koyezera mchere wa m'magazi ndi impso, pamene ka seramu ndi kamene kamayenera kuyamba.

Tsopano pali misampha iwiri. Woyamba ndi kutulutsa 7.4 ngati nambala yeniyeni popanda mawu ena. Dokotala akhoza kupereka insulini ndi shuga kuti atsitse potaziyamu amene sanakwere, n'kumugwetsera munthu pangozi ina. Wachiwiri ndi kungokana sampuloyo mwakachetechete, kulemba "yoipa" m'kaundula, n'kudikira kuti a ku wodi adzafunse okha. Umenewunso ndi wolakwika, chifukwa sampulo yoipa sikutsimikiza kuti wodwala ali bwino. Potaziyamu wake weniweni sakudziwika.

Ndiye 15:15 mukuimba ku wodi. Popeza wopempha sakuwerengeka, mukufunsa namwino amene akusamalira bamboyo. Mukumuuza kuti: "Sampulo 0412 yatulutsa potaziyamu 7.4 mmol/L, seveni kadontho folo. Tikukayika kuti magazi anakhudzana ndi mankhwala a m'kabotolo ka pepo, chifukwa kashiyamu watsika kwambiri. Nambalayi musaidalire, koma musainyalanyazenso. Dziwitsani adokotala aone wodwalayo, ndipo mutitumizire magazi ena tsopano lino, otengedwa mwatsopano, mulembe nthawi." Namwino akuwerenganso. Mukufunsa dzina lake lonse, ndiponso nthawi imene magazi oyamba anatengedwa ndi mmene anatengedwera. Funsani ngati munthu wofuna kudziwa, osati ngati woweruza; wofunsidwa mwaukali sanganene kuti anathira magazi kuchoka m'kabotolo kena.

M'kaundula, pa mzere wa 0412, pa danga la potaziyamu mulemba kuti zotsatira sizinatulutsidwe, sampulo ikuganiziridwa kuti ili ndi EDTA, ina yapemphedwa. M'buku la zotsatira zoopsa mulemba nambala imene munatchula pa foni, chenjezo limene munapereka, 15:15, dzina ndi udindo wa namwino, kuti anawerenganso, ndi dzina lanu. Sampulo yachiwiri ikafika imalandira nambala yakeyake, tinene 0431, osati 0412 kachiwiri, ndipo pa mizere yonse iwiri mulembe nambala ya inzake. Yatengedwa 15:30, yafika 15:40, yatulutsa potaziyamu 4.3 ndi kashiyamu 2.3. Imbaninso. Ambiri amaiwala foni yachiwiriyi poona kuti nkhani ndi yabwino, chonsecho ku wodi kuli dokotala amene akudikira kuti adziwe ngati apereke mankhwala kapena ayi.

Zikanakhala kuti kiriyatinini watuluka 900, kashiyamu sanagwe motero, ndipo pa fomu panalembedwa kuti wodwala sakukodza, sipakanakhala chodikira. Foni ikanaimbidwa 15:06, nambala ikanaperekedwa monga yeniyeni, zofufuza zina pambuyo.

Vuto likamabwererabe

Ngati zotsatira zoopsa zikupitirira kuchedwa, musayambe ndi msonkhano. Tengani kaundula wa mwezi watha, lembani pambali zotsatira zonse zimene zinadutsa malire a pa mndandanda wanu, kenako muzifufuze imodziimodzi m'buku la mafoni a zotsatira zoopsa. Zimene zili m'kaundula koma m'buku la mafoni mulibe, onani kuti zinatuluka nthawi yanji ndiponso pa benchi iti. Zikaunjikana usiku kapena pa ola losinthana ntchito, vuto ndi kapatsidwe ka ntchito, ndipo zikaunjikana pa kuyeza kumodzi, mwina kuyezako sikuli pa mndandanda wa pakhoma. Zimene zinaimbidwa koma mochedwa, tulutsani mafomu ake. Mukapeza kuti ambiri alibe wodi kapena dzina lowerengeka, kukonza kwake kuli pawindo lolandirira: wobweretsa sampulo asachoke mpaka mabokosiwo atadzazidwa ndi amene akudziwa. Zimene zinaimbidwa m'nthawi yake koma wodwala sanathandizidwe, yang'anani danga la wolandira uthenga. Ngati muli udindo wokha popanda dzina, kapena danga la kuwerenganso lili lopanda kanthu, uthengawo unathera pa foni, ndipo a ku wodi nawonso akufunika buku lawo pafupi ndi foni, lokhala ndi danga la nthawi imene dokotala anauzidwa.